Musasayine musanawerenge: kalembedwe ka ndondomeko yolandirira katundu pa weyahausi yaing'ono

Muno m'Chitawira, ku Nkolokosa, ku Naperi mpaka ku Zingwangwa, malo osungira katundu wa geni achuluka. Wina wasandutsa galaja kukhala weyahausi, wina wachita lendi chipinda kuseri kwa golosale, wina wagula kontena. Ambiri ndi achinyamata. Amapikula ku maholoselo a ku Limbe kapena ku makampani a ku Makata ndi ku Chirimba, n'kumagulitsa kwa eni maokala kapena pa WhatsApp ndi Facebook. Zotsatsa malonda amazitha, sindingawaphunzitse. Koma pomwe ndalama zimathawira mwakachetechete ndi pakhomo pa weyahausi, m'mphindi zochepa zija lole yaima, dalaivala akuti "fulumirani bwana, ndili ndi madelivale ena".

Ine ndagwira ntchito yosunga ndi kulandira katundu kwa zaka zingapo, ndipo mfundo yomwe ndikufuna muigwire ndi imodzi. Mukangosayina pa delivale noti, mwavomereza kuti zomwe zalembedwapo mwazilandira zonse, zili bwinobwino. Mukadzapeza shoti mawa lake, wogulitsa adzakuonetsani siginecha yanu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndondomeko yolandirira katundu, yomwe a m'maofesi amaitchula kuti SOP, ntchito yake ndi kuyankha mafunso atatu basi: ndani asayine, asayine ataona chiyani, ndipo alembe chiyani zinthu zikapanda kugwirizana.

Bwanji kuilemba, osangouzana pakamwa?

Mwina mukuti, "Aise, tilipo atatu okha, pepala n'lachiyani?" Vuto ndi lakuti lole siyang'ana kuti mwini geni alipo kapena ayi. Imafika inu muli pa mzere ku banki, pa weyahausi pali mng'ono wanu kapena mnyamata yemwe wayamba ntchito sabata yatha. Dalaivala ndi wamkulu kwa iye, akumuyankhula mwamphamvu, amaganyu akudikira ndalama zawo. Mnyamata wotere sangakane kusayina ndi mawu ake okha. Koma pakhoma pakakhala pepala lomwe bwana anasayina, amangoloza: "Pepani akulu, lamulo la pano likuti tiwerenge kaye." Pepalalo limamuteteza iyeyo, limatetezanso dalaivala wachilungamo, chifukwa ngati shotiyo inachokera kopakira, zimadziwika iye asananamiziridwe kuti wagulitsa katundu panjira.

Ndondomeko yabwino imakwana tsamba limodzi. Pamwamba pamakhala dzina la ntchitoyo, tsiku lomwe yalembedwa ndi dzina la woivomereza. Pansi pake pamabwera masitepe, lililonse likunena munthu mmodzi, chochita chimodzi ndi nambala yoti n'kuyezera. Mzere wakuti "onetsetsani kuti katundu ali bwino" ulibe ntchito, chifukwa aliyense ali ndi "bwino" wake. Mzere wakuti "wolandira ayeze thumba limodzi pa matumba 10 alionse" ndi womwe umagwira ntchito, popeza mukhoza kufunsa kuti wayeza kapena sanayeze.

Lole isanatsegulidwe

Sitepe loyamba limachitika katundu asanatsike, ndipo ndi la mapepala. Pali mapepala atatu omwe anthu amawasokoneza. Oda ndi zomwe inu munaitanitsa. Delivale noti ndi zomwe wogulitsa akuti wapakira. Invoisi ndi ndalama zomwe akufuna mumulipire. Palibe ngakhale limodzi mwa atatuwa lomwe likunena zomwe zafikadi. Zimenezo mudzalemba ndinu, pa pepala lachinayi lomwe tikambe kutsogoloku.

Choncho ndondomeko inene kuti kope ya oda iliyonse izikhala pa weyahausi. Ngati maoda mumapanga pa WhatsApp, palibe vuto, koma uthengawo utumizidwenso kwa wolandira tsiku lomwelo, kapena ukopedwe m'buku. Lole ikafika, wolandira afananitse delivale noti ndi oda. Katundu yemwe sali pa oda asatsike mpaka mwini geni avomereze pa foni. Izi zimatseka khomo la kamchitidwe kaja kakuti "tangokuwonjezerani makatoni 5, mudzalipira mukagulitsa", pomwe ndi katundu yemwe akukanika kuyenda kwa eni ake.

Lembaninso nthawi yolandirira. Ine ndimakonda kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Chifukwa chake n'chapafupi: katundu wofika kukuda, magetsi atazima, amawerengedwa ndi tochi ya foni, anthu atatopa, ndipo madontho a mafuta pa katoni saoneka. Wogulitsa mukamuuziratu nthawiyi poitanitsa, amazolowera.

Kuwerenga kwenikweni

Apa pali kachinsinsi komwe anthu a m'masitolo akuluakulu amakadziwa. Wowerenga asaone nambala ya pa delivale noti. Munthu ukamuuza kuti mabelo alipo 60, maso ake amapeza 60, ngakhale atakhala 58. Ndiye mukakhala awiri, wina agwire mapepala, wina awerenge n'kulemba nambala yake pa pepala lopanda kanthu, kenako mufananitse. Mukakhala nokha, pindani delivale noti, muiike m'thumba, muwerenge kaye.

Chachiwiri, musawerenge katundu ali pamutu pa amaganyu. Amayenda mothamanga, wina akulowa wina akutuluka, foni ikangolira mwasokonezeka. Chomwe chimathandiza ndi kujambula malo ndi choko kapena penti pafupi ndi khomo, pomwe katundu watsopano azitsikira, kutali ndi wakale. Pamalopo asanjidwe m'milu yofanana, tinene mabelo 10 mulu uliwonse, pa mapaleti kapena matabwa, osati pa simenti. Mukatero simukuwerenganso mabelo, mukuwerenga milu, ndipo mulu wosakwana umaonekera patali. Katundu akangolowa m'kati n'kusakanikirana ndi wakale, palibenso angatsimikize kuti shoti yachokera pa lole ya lero.

Chachitatu, ndondomeko itchule muyezo wa katundu aliyense. Mikangano yambiri imayambira pa mawu akuti "katoni". Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, zimenezo aliyense amadziwa. Koma katoni ya mafuta ophikira kapena ya sopo imasiyana malinga ndi kampani komanso kukula kwa botolo. Mukalemba "mafuta 30" osanena kuti makatoni a mabotolo angati a malita angati, mwasiya mpata. Kumbuyo kwa tsamba la ndondomeko lembani mndandanda wa katundu yemwe mumagula kawirikawiri ndi zam'kati mwa belo kapena katoni yake.

Kuyeza ndi kuyang'ana

Nambala ikakwana sizitanthauza kuti katundu wakwana. Matumba 40 a mpunga akhoza kukhaladi 40, koma ena atapungulidwa. Kuyeza thumba lililonse pa lole iliyonse kungakutayitseni tsiku, ndiye timayeza ochepa. Lamulo lomwe ndimagwiritsa ntchito ndi thumba limodzi pa 10 alionse, koma osachepera atatu. Wosankha akhale wolandira, osati dalaivala kapena waganyu, ndipo atenge kutsogolo, pakati ndi pansi pa lole, chifukwa matumba a pamwamba pafupi ndi chitseko ndi omwe amakhala okongola. Malire a kupelewera mugwirizane ndi wogulitsa musanagule, mwachitsanzo theka la kilogalamu pa thumba la makilogalamu 50. Limodzi lokha likapitirira malirewo, yezani onse. Thumba lopungulidwa limadziulula: ulusi wa pakamwa umakhala wosokedwa pamanja pomwe anzake ndi a makina, kapena pambali pamakhala kabowo kotsekedwa.

Koma sikelo yanuyo ikunena zoona? Dalaivala adzafunsa zimenezo, ndipo akulondola. Bungwe loona za miyezo la MBS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili konkuno ku Blantyre, ndi lomwe limayesa ndi kutsimikiza masikelo ochitira malonda. Sikelo yotsimikizidwa ndi iwo imakupatsani mphamvu pa mkangano. Pa tsiku ndi tsiku pali njira yapafupi: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Sungani chigubu chomwe munachiyeza chopanda kanthu, muthiremo malita 20 oyezedwa bwino, muchitseke, muzichikweza pa sikelo m'mawa uliwonse. Nambala ikasintha, vuto ndi sikelo kapena batire lake, osati mpunga.

Kenako madeti. Pa katundu wodyedwa yang'anani zilembo za MFG, zomwe zikunena tsiku lopangidwa, ndi EXP kapena BB, zomwe zikunena malire ogwiritsira ntchito. Funso si lakuti "kodi watha?" ayi. Funso ndi lakuti "kodi atha tisanamugulitse?" Ngati makatoni 30 a mafuta amakutengerani miyezi iwiri kuti athe, ndipo wa okala yemwe wagula kwa inu amafunanso mwezi wake, ndiye mafuta otsala ndi masabata 6 ndi msampha. Lembani nambala mu ndondomeko: katundu wotsala ndi miyezi yosakwana itatu salandiridwa popanda chilolezo cha mwini geni. Kumbukirani kuti a MBS kapena a bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC akapeza katundu wotha ntchito pa shelefu, amafunsa mwini shelefuyo.

Pomaliza, maonekedwe. Katoni yonyowa, yophwanyika pakona, ya madontho a mafuta, kapena yomatidwa selotepi kawiri itsegulidwe dalaivala akuona. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, yang'anitsitsani katundu wa pamwamba ndi wa kumbuyo kwa lole, pomwe tenti imadontha. Shuga wonyowa amaundana, simenti imachita miyala, ufa umayamba kununkha chuku pakapita masiku. Mpunga, nyemba ndi chimanga muzitapako pang'ono m'manja kuti muone anankafumbwe ndi fumbi lawo.

Tione lole imodzi

Nachi chitsanzo chonga zomwe ndimakumana nazo. Oda inali ya mabelo 60 a shuga, matumba 40 a mpunga a makilogalamu 50, ndi makatoni 30 a mafuta, katoni iliyonse mabotolo 12 a lita imodzi. Delivale noti yochokera ku holoselo ina ikugwirizana ndi oda ndendende.

Shuga watsika, wasanjidwa m'milu ya mabelo 10. Milu isanu yakwana, wachisanu ndi chimodzi uli ndi mabelo 8. Wolandira akuwerenganso limodzi ndi dalaivala, akusuzumira m'lole, mulibe. Afika 58.

Mpunga wakwana matumba 40. Anayi oyezedwa akuonetsa 50.1, 49.9, 50.0 ndi 48.2. Lomalizali lapitirira malire a theka la kilogalamu, ndiye onse akwera pa sikelo. Matumba 7 apezeka opelewera, onse pamodzi makilogalamu 11, ndipo onse 7 ndi osokedwa pamanja.

Mafuta akwana makatoni 30, koma awiri ali ndi madontho. Atatsegulidwa, mabotolo atatu ndi osweka. Makatoni ena 5 ndi otsala ndi masabata 6, pomwe anzawo ali ndi miyezi yambiri.

Tsopano tione ndalama pa shuga yekha. Mitengo ikusinthasintha, ndiye tingoyerekeza kuti belo mwagula K60,000 ndipo phindu lanu ndi K2,000 pa belo. Mabelo awiri osowawo ndi K120,000. Mabelo 58 omwe afika, mutawagulitsa onse, phindu lake ndi K116,000. Mukuona? Siginecha yothamanga imodzi yameza phindu la shuga yense wa pa loleyo, n'kukusiyirani ngongole ya K4,000, musanawerengere amaganyu ndi lendi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake apa ndi kwa mphindi 40 zokha.

Zolemba zinthu zikavuta

Apa ndi pomwe ndondomeko zambiri zimakhala chete, chonsecho ndi pomwe pali nkhani. Wolandira asakane kusayina, ndipo asasayine chabe. Alembe zomwe wapeza pa delivale noti yeniyeniyo, pa makope onse, kuphatikizapo yomwe ibwerere ndi dalaivala. Pa lole yathuyi angalembe kuti: "Shuga: afika mabelo 58, asowa awiri. Mpunga: matumba 7 opelewera, onse pamodzi makilogalamu 11. Mafuta: mabotolo atatu osweka, makatoni 5 otsala ndi masabata 6 abwezedwa." Pansi pake alembe tsiku, nthawi, nambala ya galimoto ndi dzina lake lomveka, kenako dalaivala asayinenso. Mawu akuti "sizinawerengedwe" kapena "tiona pambuyo" pa katundu woti mukanatha kumuwerenga pomwepo sakuthandizani kwenikweni. Chomwe chimagwira ndi nambala.

Dalaivala akakana kusayina, osalimbana naye. Wolandira alembe kuti wakana, ajambule pepalalo, milu ya katundu, nambala ya pa sikelo ndi nambala ya galimoto, n'kutumiza zithunzizo kwa mwini geni ndi kwa wogulitsa lole isanachoke. Nthawi yomwe uthengawo wapita imakhala mboni yanu. Chotsatira ndi kupempha kirediti noti, pepala lomwe wogulitsa amachotsera ndalama pa invoisi, kapena kuti abweretse katundu wosowayo. Mu ndondomeko mutchule yemwe azilondola zimenezi ndi masiku ake, apo ayi nkhani zotere zimafera mu "tikuimbirani".

Katundu wokanidwa yemwe sanabwerere ndi lole akhale pa kona yakeyake, yolembedwa kuti "Osagulitsa". Popanda kona imeneyi, Loweruka kasitomala akapanikiza, wina adzangotola katoni yomweyo.

Zikatha izi m'pamene pamabwera pepala lachinayi lija, lomwe m'masitolo amalitchula kuti GRN. Ndi umboni wanu wa zomwe zalowadi. Buku wamba la malisiti la makope awiri, lokhala ndi manambala otsatana, limakwanira. Mulembemo 58, osati 60. Nambala yomweyo ndi yomwe ipite pa bini khadi kapena m'buku la sitoko, ndipo wolipira asatulutse ndalama asanaike oda, GRN ndi invoisi pamodzi n'kuona kuti zikugwirizana. Ngati n'kotheka, wolandira katundu asakhale yemweyo wolipira. Sikuti mukumukayikira ayi, koma munthu mmodzi akagwira zonse, cholakwika chake palibe wochiona.

Nanga katundu wa ku Joni?

Anzathu ambiri amaitanitsa zovala, nsapato ndi zodzola kuchokera ku South Africa, zomwe zimadutsa ku Tete n'kulowera pa chipata cha Mwanza. Apa zinthu zimasiyana pang'ono. Wobweretsa si wogulitsa, ndipo iye amayankha za kuchuluka kwa makatoni kapena zikwama ndi mmene zafikira, osati zam'kati. Ndiye ndondomeko igawe ntchitoyi pawiri. Pofika, werengani makatoni, onani ngati zomatira zili momwe anakutumizirani pa chithunzi, ndipo yotsegulidwa muilembe pa pepala lake. Zam'kati muziwerenge tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, muli awiri, foni ikujambula kuyambira katoni isanadulidwe selotepi. Mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipiridwa muwasunge pamodzi ndi GRN ya katunduyo.

Tsamba lenilenilo

Zonsezi zikafupikitsidwa, pakhoma pamakhala mizere ngati iyi:

1. Katundu amalandiridwa kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko. Wosayina ndi wolandira, kapena womuimira yemwe dzina lake lalembedwa pansipa.
2. Wolandira afananitse delivale noti ndi oda katundu asanatsike. Wosakhala pa oda satsika.
3. Katundu atsikire pamalo ojambulidwa, m'milu ya 10, pa mapaleti.
4. Wowerenga alembe nambala yake asanaone delivale noti.
5. Ayeze thumba limodzi pa 10, osachepera atatu. Limodzi likapelewera kupitirira theka la kilogalamu, ayeze onse.
6. Aone madeti pa mtundu uliwonse. Wotsala ndi miyezi yosakwana itatu, aimbire mwini geni.
7. Katoni yonyowa, yophwanyika kapena yomatidwa kawiri itsegulidwe dalaivala akuona.
8. Chosiyana chilichonse chilembedwe pa makope onse, dalaivala asayine, zithunzi zitumizidwe lole isanachoke.
9. Wokanidwa apite pa kona ya "Osagulitsa".
10. GRN ndi bini khadi zilembedwe tsiku lomwelo. Katundu watsopano asanjidwe kumbuyo kwa yemwe athe ntchito msanga.

Manambala a mu mzere 5 ndi 6 si lamulo la boma, ndi anga, ochokera pa katundu yemwe ndimagwira. Wogulitsa simenti ndi malata sasowa mzere wa madeti a zakudya, koma afunika wonena za matumba olimba ndi geji ya malata. Wa mafoni ayenera kutsegula bokosi lililonse, chifukwa chinthu chimodzi n'chodula kwambiri moti kuyeza ochepa sikukwanira. Dziwaninso malire ake: kuyeza thumba limodzi pa 10 kukhoza kuphonya matumba awiri opungulidwa pakati pa 40. Ndiye wogulitsa watsopano, kapena yemwe wapezeka ndi shoti posachedwa, katundu wake ayezedwe yense maulendo atatu otsatana musanabwerere ku lamulo la masiku onse.

Mukalemba, musathamangire kukamata. Perekani tsambalo kwa munthu yemwe sanalandirepo katundu, alitsatire pa lole yotsatira inu mutangoima chete. Paliponse pomwe angatembenuke kukufunsani, mzere umenewo sunamveke, mukaulembenso. Ilembedwe m'chiyankhulo chomwe anyamata a pa weyahausi amayankhula, imatidwe pafupi ndi khomo m'pulasitiki, ndipo kope ina mutumizire aliyense yemwe amakugulitsani katundu, kuti dalaivala azinyamuka ku Limbe akudziwa kale kuti ku Chitawira kuja amayamba ndi kuwerenga. Katundu watsopano akalowa pa geni yanu, kapena shoti ikadutsa osagwidwa, sinthani mzere woyenera, mulembe deti latsopano pamwamba, tsamba lakalelo muling'ambe kuti pakhoma pasakhale malamulo awiri.